Kamtanda ka Pensulo pa Imelo ya Thandizo

Dzuwa litapendeka, mthunzi wa nimu unafika pakhonde, ndipo onse atatu anasamukira pomwepo. Unali mwezi wa Okutobala, kwa Katunga nthaka ikuotcha mapazi ngati chiwaya. A Geresomo anakhala pampando wawo wa ndalema, dzanja lamanzere lili pamwendo, momwe linkakhalira chiwagwereni sitiroko chaka chatha. Mlongo wawo, a Evelesi, amene anabwera kudzawaona kuchokera kwa Malemia ku Nsanje, anali pamphasa akusankha nandolo m'lichero. Thandizo, mwana yekhayo amene a Geresomo anatsala naye, anakhala pachitseko, envulopu yakhaki ili pamiyendo. Ankangoitembenuza.

"Achimwene, ndikubwerezanso," anatero a Evelesi osadzutsa mutu. "Tiyeni kwathu. Chipinda chilipo. Alamu anu a Sebastiano alipo, Pius mwana wanga alipo, amuna okugwirizani kubafa. Kuno mpaka liti kumadikira a Symon aweruke kumunda kuti musambe?"

"A Symon sanadandaulepo."

"Woyandikana naye nyumba sadandaula pamaso."

"Iwe Evelesi, unabwera kudzandiona kapena kudzandinyamula ngati thumba la thonje?"

"Thumba la thonje lili bwino, silitsutsa."

A Geresomo anaseka ndi mbali imodzi ya pakamwa, mbali imene inkalola. Nkhani imeneyi inkabwera tsiku lililonse chifikireni a Evelesi, ndipo inkathera pamodzimodzi. Iwo anabwera kwa Katunga pa chikamwini zaka makumi atatu ndi zisanu zapitazo. Akazi awo, a Justina, atamwalira, akuchikazi anawasudzula monga mwa mwambo, koma anawauza kuti nyumba anamanga okha, akhale mpaka atafuna okha kuchoka. Sanafune. Kuchokera pampando wawowo ankaona nsonga za mitengo ya kumanda kumene kunagona a Justina, ndipo zimenezo zinkawakwanira.

Thandizo anatsokomola pang'ono, nasendera pafupi.

"Ababa, ndili ndi kantchito."

"Kantchito kanji, mayi?"

Anasolola mapepala awiri mu envulopu. Anali atakawasindikiza m'mawa ku Dyeratu, chifukwa zilembo za pafoni zinali zazing'ono kwa maso a bambo ake. Pepala loyamba linali chilengezo cha ntchito: kampani ina ya ku Blantyre, yofunira mabungwe anthu ogwira ntchito, inkafuna alangizi asanu ndi mmodzi a ulimi wothirira. Lachiwiri linali imelo imene Thandizo ankafuna kutumiza pamodzi ndi CV yake. Dipuloma ya zomwezo anali nayo. Inali m'chikwama pansi pa bedi chaka chachiwiri tsopano, ndipo makalata asanu ndi awiri amene anatumiza kwina sanayankhidwe ngakhale imodzi.

"Mnzanga wina wa ku koleji wandiuza kuti anthu amenewa akangoona masipelo olakwika pa imelo, CV saitsekula n'komwe," anatero. "Akutseka mawa, Lachisanu, nthawi ya 12 koloko masana. Mundikonzere Chingerezi."

Maso a Geresomo anawala. Anagwira ntchito ya ukalaliki zaka makumi awiri mphambu zisanu ndi chimodzi mu ofesi yolemba anthu ntchito pa esiteti ya nzimbe, ndipo makalata a mabwana onse ankadutsa pa taipi yawo.

"Bweretsa cholembera chofiira. Chili m'thumba la jekete."

"Koma ababa, tipangane kaye. Masipelo ndi galamala basi. Osasintha mawu anga, osachotsa kanthu, osawonjezera."

"Ine ndinasinthapo mawu a munthu?"

"Ulendo uja munandilembera kuti I humbly beg, anzanga anandiseka sabata yathunthu. Ankati ndikupempha ntchito kwa azungu a thonje a nthawi ya agogo."

A Evelesi anaseka mpaka lichero linapendeka, nandolo zina n'kugwera pamphasa. Nkhuku inathamangira pomwepo.

"Chinali Chingerezi chabwino chimene chija," anatero a Geresomo.

"Lonjezani, ababa."

Sanali kuseka. Anawayang'ana m'maso, chinthu chimene sankachita kawirikawiri, ndipo pepala lija anali asanalisiye. Analigwira kunsonga ina, iwo atagwira kunsonga inzake.

"Ndalonjeza. Masipelo ndi galamala."

Analisiya. Anabweretsa cholembera, pensulo, mandala ndi thabwa loti atsamiritsepo pepala. Kenako anatenga zigubu ziwiri nanena kuti akupita ku mjigo, ngakhale mumtsuko munali madzi.

A Geresomo anayamba ndi chilengezo, monga ankachitira kale, chifukwa kalata siikonzedwa usanadziwe chimene ikuyankha. Anawerenga pang'onopang'ono, chala chikutsata mizere. Ankafuna dipuloma, CV ya masamba osapitirira atatu, ndi nambala ya ntchitoyo pamutu wa imelo. Pansi penipeni panali mawu akuda kwambiri: opambana adzatumizidwa ku boma lililonse kumene bungwelo likugwira ntchito, Karonga, Salima kapena Chikwawa, ndipo wofunsira aliyense akhale wokonzeka kupita kulikonse.

Anatembenukira ku imelo. Nambala ya pamutu anaifananiza ndi ya pa chilengezo, manambala onse anali m'malo mwake. Mzere woyamba, mwanayo analemba writting. Anadula t mmodzi ndi kamzere kofiira. Dzanja lamanja linkagwira ntchito, koma linkanjenjemera, ndipo kamzereko kanatuluka kokhota ngati mchira wa buluzi. Anapitiriza. I have graduate in 2023: anafufuta have, nawonjezera d kumapeto kwa mnzakeyo. Please find attach my CV: anaika ed. Penapake panasowa chizindikiro cha mpatuliro, anachiika. Dzina la koleji linayamba ndi chilembo chaching'ono, analikuza.

Kumunsi anaona Kind regards, ndipo cholembera chinaima m'mwamba. Pa nthawi yawo kalata yopita kwa munthu wosamudziwa inkatha ndi Yours faithfully, palibe kukambirana. Koma anadzifunsa ngati pamenepa panali cholakwa, napeza kuti panalibe. Kunali kusakonda kwawo chabe. Anadutsapo.

Anali atalumpha ndime imodzi yaifupi, yachitatu, chifukwa maso anathamangira kumunsi. Anabwerera.

I can only works in Chikwawa becouse my father is sick and their is no one to look after him.

Anawerenga kawiri. Anavula mandala, nawapukuta ndi nsonga ya malaya, nawavalanso. Mawu anali omwewo.

Kutali kunkamveka mjigo ukulira, kwi, kwi, kwi, ndi amayi akukangana za mzere. Ndiye chifukwa chake mwanayo anathawira kumadzi. Pakamwa zinamukanika, anazilemba m'chinenero cha eni ake n'kuwapatsa kuti akonze.

Iwo ankadziwa kumene kalata yotere imathera. Mu ofesi muja munali madengu awiri a waya pa tebulo lawo. Makalata ofunsira ntchito akabwera mazanamazana, iwo ndi amene ankayamba kuwasankha bwana asanawaone. Munthu akalemba kuti ndingagwire pokhapokha mutandiika chakuti, kalata yake inkapita m'dengu lakumanzere, ngakhale mapepala ake a sukulu akhale okongola bwanji. Sinali nkhanza. Anthu anali ambiri, malo ochepa, ndipo woyamba kutuluka ankakhala amene wadzitsekera yekha khomo. Masiku ano madengu a waya kulibe, koma a Geresomo sankakhulupirira kuti mitima ya osankha inasintha.

Mzere umodzi wofiira ukanakwanira. Kuudutsitsa kuchokera pa I mpaka pa him, n'kunena kuti chiganizo chonsecho chinali chopindika, sichikanawongoka. Mwanayo Chingerezi cha bambo ake ankachikhulupirira ngati Baibulo. Anaika nsonga ya cholembera pa chilembo choyamba. Panatsala kadontho kofiira.

Anakumbukira a Lorenso, kalaliki wamkulu amene anawaphunzitsa ntchito ali mnyamata. Munthu wamfupi, wa tayi imodzi chaka chonse. Tsiku loyamba anawaikira patsogolo cholembera chofiira ndi pensulo. Chofiira ndi cha zolakwa, anatero. Koma ukaona kanthu kamene sukugwirizana nako, kamene sikolakwa koma mtima wako ukukana, si kako. Ika kamtanda ka pensulo m'mbali, ubweze kwa mwini kalata. Iye ndiye adzasaine, osati iwe. Zaka zonse zija a Geresomo sanaphwanyepo lamulo limeneli, ngakhale pa makalata ochotsa ntchito anzawo amene ankadya nawo limodzi.

Anachotsa cholembera pa kadontho kaja. Anadula s pa works. Anakonza because. Anafufuta their, nalemba there pamwamba pake, chilembo chimodzichimodzi. Chiganizocho tsopano chinaima chilili, chopanda banga. Aliyense wochiwerenga ku Blantyre akanamva bwinobwino kuti mtsikana uyu ali ndi bambo wodwala amene wamumanga mwendo.

Anatenga pensulo naika kamtanda m'mbali.

"Achimwene, mwangoti duu bwanji? Chingerezi chakukanikani?" anafunsa a Evelesi.

Anaika lichero pansi, nayang'ana nkhope ya mlongo wawo.

"Walemba chiyani mwanayu?"

"Akuti sangagwire ntchito kwina, koma ku Chikwawa kuno. Chifukwa bambo ake akudwala, ndipo palibe wowasamala."

"Palibe?"

"Walemba choncho."

"Palibe! Ine ndine chitsa? Ndakwera minibasi ziwiri ndi kabaza kudzakhala chitsa pakhonde pano?" Anaomba m'manja kamodzi. Kenako mawu anatsika. "Koma sanalakwe mwanayu. Ine ndikhala masiku ochepa n'kubwerera kwa amuna anga. Amene amakuphikirani ndi iye. Amene amakuperekezani kukatenga mankhwala a BP ndi iye. Mukagwa usiku amene amathamanga kukagogoda kwa a Symon ndi iye. Fufutani mzerewo, achimwene. Cholembera chili m'manja mwanu."

"Nkhabe, sindifufuta. Ndinalonjeza."

"Lonjezo la pepala?"

"Ndikafufuta ine, akamuitana n'kumutumiza ku Karonga, akakana komweko pamaso pawo. Mawuwa sali papepala pokha."

A Evelesi anatola nandolo zimene nkhuku inasiya, imodziimodzi.

Thandizo anabwera dzuwa litafiira kumapiri a kumadzulo, chigubu china pamutu, china m'manja. Anazitula kuseri, nasamba kumaso nthawi yaitali kuposa masiku onse. Atafika pakhonde anagwada pambali pa mpando nalandira pepala ndi manja awiri. Anayang'ana zofiira zonse, akugwedeza mutu pa chilichonse. Atafika pa ndime yachitatu anaima. Anaona zilembo zonjenjemera za bambo ake pamwamba pa mawu onena za iwo eni.

"Mwakonza," anatero motsitsa.

"Panali zolakwa zitatu."

"Nanga kamtandaka?"

"Ndi ka pensulo. Kamafufutika."

"Kakutanthauza chiyani?"

"Kuti pamenepo si panga, koma mwini wake ayang'anenso."

"Ndinayang'ana kale, ababa. Ndayang'ana sabata yathunthu."

"Wawerenga mawu akuda aja pansi pa chilengezo?"

"Ndawerenga. Chikwawa ilipo pamenepo."

"Ilipo. Koma iwo sanakufunse kumene ukufuna. Ndinasankhapo makalata otere, mayi. Ndikudziwa dengu limene imeneyi ikagwere."

"Igwere. Kusiyana n'kuwanamiza anthu kuti ndipita kulikonse pamene sindipita. Amayi anamwalira ine ndili ku koleji, ndikulemba mayeso. Munandibisira masiku awiri kuti ndimalize. Ndinafika atatseka kale bokosi. Inu mukufuna ndikakhale ku Karonga, foni idzalirenso?"

A Evelesi anadzuka mwakachetechete, natenga lichero kupita nalo kukhitchini.

A Geresomo anayang'ana ku mitengo ija. Za masiku awiri aja anali asanakambiranepo. Iwo ndi amene analamula kuti mwanayo asauzidwe, ndipo dipuloma imene anaigula ndi masiku awiri amenewo ndi yomwe inali kudyedwa ndi chinyezi pansi pa bedi.

"Ndinalakwa kukubisira," anatero. "Lero sindinakubisire kanthu. Mzere wako ndausiya, ndangokuuza maganizo anga."

"Takhuta, ababa," anathokoza Thandizo.

Anakhala pachitseko, natsegula foni, nayamba kulowetsa zokonza zija chimodzichimodzi, chala chikupita papepala, kenako pagalasi. Ndime yachitatu anaikonza monga bambo ake analembera, naisiya. Sanatumize. Netiweki ya pamudzipo inkagwira ndi kutaya, CV sikanakwera. Anati apita ku Dyeratu m'mawa akatumize ali kumeneko.

Pa chakudya chamadzulo a Evelesi anayesa kufotokoza za ng'ona imene inalanda msodzi ukonde kwawo, koma palibe amene anafunsa kuti zinatha bwanji.

M'mawa Thandizo anadzuka kukasesa napeza mpando wa ndalema uli wopanda munthu. Anazungulira kuseri, kubafa, kuchimbudzi. Kenako anawaona akubwera m'kanjira kochokera kwa a Nicholas, amalume ake, alongo awo a malemu mayi ake, amene anali mwini mbumba pamudzipo. A Geresomo ankayenda pang'onopang'ono, ndodo kumanja, mwendo wamanzere ukukwekwereza fumbi, a Evelesi atawagwira m'khwapa. Anali atavala jekete, kunja kukutentha kale. Mtunda umenewo anali asanauyendepo chidwalireni.

"Ababa! Mukadagwa?"

"Ndikadagwera azakhali ako. Ndi ofewa."

"Muone mwano," anatero a Evelesi, koma maso awo anali ofiira.

Anawakhazika pampando. Thukuta linkatsika m'khosi, mpweya ukuvuta. Thandizo anabweretsa madzi m'kapu nawagwirizira. Atamwa anapukuta pakamwa.

"Mayi, kanditulutsire sutikesi yabulauni ija pamwamba pa kabati. Uiike padzuwa, ichoke fungo."

"Ya chiyani?"

"Ndakatsanzika kwa amalume ako. Lamlungu tikaweruka ku tchalitchi ndikupita ndi azakhali ako kwa Malemia."

Thandizo anaima ndi kapu m'manja.

"Kukacheza?"

"Kukakhala."

"Ayi."

"A Nicholas avomera. Nyumba ndi yako, ndi pamudzi pa amayi ako pano. Ukachoka aziyang'anira iwo. Mbuzi ziwirizi apita nazo kukhola kwawo."

"Ayi, ababa. Inu munati simudzachoka pano. Munanena pamaso pa anthu tsiku losudzula lija. Munati amayi..." Sanamalize. Analoza ndi mutu ku mitengo ija.

"Ndinanena."

"Ndiye mukupita chifukwa cha ine."

"Ndikupita chifukwa kuli amuna ondigwiriza kubafa. Funsa azakhali ako, akhala akuimba nyimbo imeneyi sabata yonse."

"Musandinamize!"

Anali asanawakwezerepo mawu chibadwire. Anadzidzimuka yekha, nagwira pakamwa. Kenako anakhala pansi, pa dothi pomwepo, nayamba kulira ngati mwana wamng'ono, mapewa akugwedezeka. A Evelesi anafuna kumugwira koma a Geresomo anawaletsa ndi dzanja. Anamusiya alire mpaka kulirako kunatsika kokha.

"Bweretsa pepala lija," anatero.

Analitulutsa m'thumba la siketi, litapindidwa kanayi. Iwo analitambasula pabondo ndi dzanja limodzi.

"Dzulo ndinalonjeza kuti sindikhudza mawu ako, ndipo sindinawakhudze. Chiganizo ichi Chingerezi chake ndi chabwino tsopano. Dzulo chinali choona. Lero m'mawa uno si choonanso. Wondisamala alipo, ndi uyu waima apayu ndi pakamwa pake posatseka. Iwe unati sufuna kuwanamiza anthu a ku Blantyre. Ndiye uona wekha chochita nacho."

"Mwandibera, ababa."

"Mwina."

"Nanga akapanda kunditenga? Mudzakhala mwachoka pachabe. Asanu ndi awiri aja sanayankhe n'komwe."

"Akapanda kukutenga udzalemba ina. Imeneyonso sidzakhala ndi mzere umenewu."

"Kwa Malemia simukudziwako aliyense. Anzanu onse ali kuno."

"Anzanga ambiri ali uko," anatero akuyang'ana ku mitengo, "ndipo sacheza."

Palibe amene anaseka. A Geresomo anapinda pepala lija namubwezera.

"Tamvera, mayi. Ine chaka chino ndakhala pampando uwu ndikukuona ukupita ku mjigo, ukubwera, ukuchapa zofunda zanga. Ndinkadziuza kuti ukudikira ntchito. Dzulo ndi pamene ndawerenga kuti ukudikira ine. Ndipo munthu wodikira ine akudikira chinthu chimodzi chokha. Sindikufuna ukhale pakhomo pano ukudikira chimenecho."

"Mukadwala mudzandiuza? Tsiku lomwelo?"

"Tsiku lomwelo."

"Osati inu. Azakhali, lonjezani inuyo. Awa amabisa."

"Ndidzakuimbira ngakhale atangoyetsemula," anatero a Evelesi. "Udzachita kutopa nane."

Thandizo anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje. Anatenga foni, naitsegula, nakhala akuyang'ana ndime ija nthawi yaitali. A Geresomo anatembenuzira nkhope kumbali kuti asaone chala chake. Anangomva kupuma kwake. Patapita kanthawi anawasonyeza galasi la foni. Iwo sanathe kuwerenga tizilembo timeneto, koma anaona kuti imelo yafupika.

"Pamene ndachotsapo sipakufunika kulumikiza?" anafunsa ndi mawu osasa.

"Werenga ndime yapamwamba ndi yapansi."

Anawerenga mokweza, mawu akudukaduka. Ndime ina inkanena za dipuloma yake ndi miyezi itatu imene anaphunzira ntchito pa sikimu ya mpunga. Inayo inkanena kuti CV waiphatika ndipo ali wokonzeka kubwera ku mayeso a pakamwa tsiku lililonse.

"Zagwirana zokha," anatero a Geresomo. "Palibe chokonza. Uonetsetse kuti CV yakweradi usanatumize. Anthu amalemba kuti ndaphatika, osaphatika kanthu."

"Ndikudziwa, ababa."

"Pita, dzuwa lisanakule."

Anapita pa kabaza cha m'ma 9 koloko. A Evelesi anatulutsa sutikesi ija okha, naitsegula padzuwa. Munali fungo la mankhwala a njenjete ndi mpango wakale wa a Justina umene unatsalira pakona. Anaupereka kwa mlongo wawo. Iwo anauika pamwendo, pansi pa dzanja lakufa lija.

"Kuchokera kwanu kuja, munthu akakhala pakhonde amaona chiyani?" anafunsa.

"Msewu. Ndi chigayo cha a Magdalena."

"Mitengo?"

"Ulipo m'bawa umodzi."

Anagwedeza mutu. Anapempha kuti awatembenuzire mpando pang'ono, chifukwa mthunzi unali utasuntha, ndipo a Evelesi anautembenuza mosamala kuti uyang'anebe komwe unkayang'ana.

Thandizo anabwerera 11 koloko itadutsa, fumbi lili m'miyendo. Anagula sopo wochapira ndi mabanzi atatu. Anati imelo yapita, CV inakwera, ndipo pasanathe mphindi panabwera yankho la makina lonena kuti alandira, adzaitana okhawo amene asankhidwa.

"Ndi momwe amayankhira," anatero a Geresomo. "Ife tinkadinda chidindo."

Thandizo analowa m'nyumba natuluka ndi zovala zawo zonse m'manja, malaya, mabuluku, zofunda ziwiri. Anaziunjika pafupi ndi beseni pansi pa nimu, nathira madzi a dzulo aja. Anayamba kupisa m'matumba chimodzichimodzi, monga mayi ake ankachitira. M'thumba la malaya oyera anapeza pensulo ija, naiika pa njerwa.

"Malaya abuluuwa kolala inatha," anatero osatembenuka. "Mupita nawo?"

"Chapa. Ndikavala pogona."

Anawaviika m'madzi nayamba kupaka sopo. A Evelesi anamanga chingwe china kuchokera pa nimu kukafika pa nsanamira ya khonde, chifukwa chakalecho sichikanakwana.